Apongozi ayankha kuti "Chabwino." ndi mpumiro kumapeto: kodi akwiya?

"Ndinakwatiwa chaka chatha ndipo timakhala ku Kabwata. Lachisanu ndinalembera apongozi anga aakazi, amene amakhala ku Matero, uthenga wa pa WhatsApp wowadziwitsa kuti sitikwanitsa kukawaona Lamulungu chifukwa amuna anga aitanidwa kuntchito. Ndinalemba mwaulemu ndipo ndinapepesa. Iwo anangoyankha kuti 'Chabwino.' ndi kadontho kumapeto. Mtima wanga unagunda, ndipo mpaka lero sindinapeze mtendere. Amuna anga akuti ndikungodzivutitsa, kadontho ndi kadontho basi. N'chifukwa chiyani kanthu kakang'ono chotere kakumveka ngati andikalipira? Kodi akwiyadi?"

Mayi wa ku Kabwata, Lusaka

Mayi, choyamba mtima ukhale m'malo. Zimene munamvazo si zongoganizira ndipo simuli nokha, chifukwa anthu ambiri amene anazolowera kucheza pa foni amamva chimodzimodzi akalandira yankho la liwu limodzi lokhala ndi mpumiro, ndipo akatswiri anayesapo nkhaniyi n'kupeza kuti imachitikadi. Komabe amuna anu nawonso ali ndi mfundo, pakuti kadonthoko pakokha sikangatiuze zimene zinali mumtima mwa apongozi anu pamene ankalemba. Ndaphunzitsa zilankhulo ndi kalembedwe kwa zaka zambiri muno mu Lusaka, ndipo pa madandaulo otere amene ophunzira ndi makolo awo amandibweretsera, ochuluka amayamba pamene anthu awiri akugwiritsa ntchito chizindikiro chimodzi koma aliyense akutsata lamulo lake, winayo osadziwa.

Papepala, mpumiro uli ndi ntchito imodzi yodziwika bwino, yomwe ndi kusonyeza pamene chiganizo chathera kuti chisasokonezeke ndi chotsatira. M'kalata, m'buku kapena m'nyuzipepala mawu amatsatana mzere ndi mzere, ndipo popanda mpumiro wowerenga angasochere. Chifukwa chakuti chiganizo chilichonse chimakhala nawo, maso sauona n'komwe, ndipo palibe amene amafunsa kuti wolemba anali ndi mtima wotani pouika. Pa foni zinthu zinasintha. Uthenga uliwonse umalowa m'kabokosi kakekake, ndipo mukadina kabatani kotumizira mwanena kale kuti mawu anu athera pamenepo. Ambiri akafuna kuyamba ganizo lina amangotumiza kauthenga kena, moti kabokosiko kanalanda ntchito imene mpumiro unkagwira. Chizolowezichi chinayamba kale, m'masiku a mauthenga a SMS, pamene uthenga umodzi unkalola zilembo 160 zokha, uliwonse unkadya ndalama, ndipo kulemba pa timabatani ta manambala kunali kotopetsa. Mu 2007 akatswiri awiri, Rich Ling ndi Naomi Baron, anapenda mauthenga a ophunzira a ku koleji ku America ndipo anapeza kuti chiganizo chomaliza cha uthenga chinkakhala ndi chizindikiro chotsekera pafupifupi katatu kokha pa maulendo khumi alionse, pamene ziganizo za mkati mwa uthenga zinkapatsidwa zizindikiro kawirikawiri kuposa pamenepo. Izi zikusonyeza kuti olembawo sanaiwale malamulo a kusukulu ayi. Ankaika chizindikiro pamene chinali ndi ntchito yolekanitsa mawu, ndipo ankachisiya pamene kutumiza kunali kutagwira kale ntchitoyo.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Chinthu chikakhala kuti ambiri sachiika, amene wachiika amaoneka ngati wachita dala, ndipo maganizo a wowerenga amayamba kufunafuna chifukwa chake. Katswiri wa nzeru zakuya Paul Grice anafotokoza mu 1975 kuti tikamacheza timakhulupirira kuti mnzathu sanena zinthu popanda cholinga, choncho akawonjezera chimene sichimafunika, timamva tanthauzo limene sanalitchule. Taganizirani munthu amene walowa m'chipinda n'kutseka chitseko. Palibe chodabwitsa pamenepo. Koma inu mutaima panja n'kumva akukhomanso loko masanasana, mudzadzifunsa kuti mwamulakwira chiyani, chifukwa chitseko chinali chotseka kale. Kutumiza uthenga ndiko kutseka chitseko, ndipo mpumiro wa pamapeto umamveka ngati loko uja. Tanthauzo limene wowerenga amapeza ndi lakuti "ndamaliza, usawonjezerepo kanthu", ndipo pakati pa anthu amene amayembekezera kuti macheza apitirire, kumaliza kotero kumamveka ngati kukankhidwa.

Gulu la ofufuza la ku yunivesite ya Binghamton ku America, lotsogoleredwa ndi Celia Klin, linayesa zimenezi mwachindunji, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2016. Ophunzira 126 anapatsidwa timacheza tatifupi kuti awerenge. M'kamacheza kalikonse munthu wina ankaitana mnzake kuti apite naye kwinakwake, ndipo mnzakeyo ankavomera ndi liwu limodzi la Chingelezi, monga "Okay", "Sure", "Yeah" kapena "Yup", nthawi zina ndi mpumiro, nthawi zina popanda. Pamene timachezato tinaonetsedwa ngati mauthenga a pa foni, owerenga anaona kuti mayankho okhala ndi mpumiro sanali ochokera pansi pa mtima poyerekeza ndi opanda mpumiro. Chimene ine ndimachiona kuti n'chofunika kwambiri ndi gawo lachiwiri la kuyesaku: mawu omwewo atalembedwa pamanja pa timapepala, kusiyanako sikunaoneke. Kadontho kanali komweko, liwu lomwelo, koma malo ake anali ena. Mu 2018 gulu lomweli linaonetsanso kuti mpumiro pa yankho la liwu limodzi umachititsa kuti limveke lodula ndi louma, kaya yankholo ndi lovomera, lokayikira kapena lokana.

Kafukufukuyu tiyenera kumumva m'malire ake. Anachitika mu Chingelezi, pakati pa achinyamata a ku yunivesite, ndipo anayesa zimene owerenga amamva, osati zimene olemba amatanthauza. Akutsimikiza kuti mtima wanu unagunda pa chifukwa chodziwika, koma sakunena chilichonse za mtima wa mayi a ku Matero.

Pali chinanso chimene chimachitika m'makutu mwathu tikamawerenga. Liwu lakuti "chabwino" tingalinene m'njira zambiri. Tingalikoke mokoma mtima, mawu akukwera pang'ono, ngati mayi amene akutonthoza mwana. Tingalinene tikuseka. Tingathenso kulidula, mawu n'kugwa pansi mwamsanga, milomo n'kutsekeka, ndipo aliyense wokula ndi chilankhulo chathu amadziwa kuti "chabwino" wotereyo akutanthauza kuti zinthu sizili bwino ngakhale pang'ono. Tikamalankhula maso ndi maso, mawu, nkhope ndi manja zimatiuza kuti ndi "chabwino" uti amene tamva. Pa foni zonsezi zimasowa, ndiye wowerenga amatenga tizizindikiro tochepa timene tilipo n'kupanga nato mawu m'mutu mwake. Popeza kusukulu tinaphunzitsidwa kutsitsa mawu ndi kuima tikafika pa mpumiro, liwu limodzi lokhala ndi mpumiro limamveka ngati "chabwino" wodula uja. N'chifukwa chake vutoli limakula pa uthenga waufupi. Mu uthenga wa ziganizo zinayi kapena zisanu mipumiro imakhala ikugwira ntchito yake yakale yolekanitsa, ndipo wa pamapeto umangooneka ngati mnzake wa inayo. Pa liwu limodzi palibe choti ulekanitse, choncho ntchito yokhayo imene wowerenga angaupatse ndi ya kamvekedwe ka mawu.

Taonani mmene achinyamata athu amalembera, muona kuti anapeza okha njira zobwezera kamvekedwe kamene kanatayika. Amalemba "chabwinooo", "eee", "zikomotu", "kkkk", kapena amaika kankhope komwetulira ndi timanja topemphera. Aphunzitsi anzanga ena amati uku ndi kuwononga chilankhulo, koma ine sindigwirizana nawo, chifukwa chilembo chilichonse chowonjezeracho chikugwira ntchito imene mawu apakamwa akanagwira. Vuto lake ndi lakuti munthu akazolowera kulandira mauthenga okongoletsedwa chotere, uthenga wolembedwa bwinobwino motsata malamulo umayamba kuoneka wamaliseche, ndipo zimene zinali zachibadwa zaka za m'mbuyomu lero zimaoneka ngati nkhanza.

Koma kwa ife olankhula Chichewa ndi Chinyanja pali mfundo imene ndikufuna muiganizire mofatsa, chifukwa ndikuona kuti ndi imene yakupwetekani kwambiri. Pa chikhalidwe chathu yankho silibwera lokha. Limabwera ndi dzina la ubale, ndi moni, ndi kufunsa za ena. Wamkulu akamalandira kupepesa kwa mpongozi wake timayembekezera kumva mawu onga akuti "Chabwino mwana wanga, palibe vuto, mupereke moni kunyumba." Tawerengani chiganizo chimenechi ndi mpumiro wake kumapeto, muona kuti sichikubaya ngakhale pang'ono. Kenako werengani "Chabwino" wopanda mpumiro koma ali yekhayekha, muona kuti nayenso ndi wozizirirapo ndithu. Choncho mbali yaikulu ya ululu wanu yachokera pa zimene zikusowa mu uthengawo, ndipo kadonthoko kakusenza mlandu chifukwa ndi kokhako kamene maso angakaloze. Inu munatumiza moni, chifukwa ndi kupepesa, ndipo munalandira liwu limodzi. Kusalingana kwa zimene munapereka ndi zimene munalandira ndi kumene mtima umayamba kukuwerenga, mpumiro n'kungotsindika.

Onjezani pamenepo kuti munali mutangopereka nkhani yokhumudwitsa kwa munthu amene mumamulemekeza ndi kumuopa pang'ono, ndiponso ndinu watsopano m'banjamo. Munali mukudikira chigamulo. Munthu amene akudikira chigamulo amawerenga chilichonse chosamveka bwino ngati chomutsutsa, ndipo mpata umene uthenga wasiya amaudzaza ndi mantha ake. "Chabwino." yemweyo akanachokera kwa wogulitsa makala amene mwamuuza kuti abwere mawa, simukanamuganizira kawiri. Kumbali ya wolemba nako kuli msampha wake. Mu 2005 Justin Kruger, Nicholas Epley ndi anzawo anaonetsa kuti anthu olemba mauthenga amakhulupirira kwambiri kuti wowerenga amva kamvekedwe kamene iwo akutanthauza, pamene owerengawo amalephera kawirikawiri kuposa mmene olembawo amaganizira. Chifukwa chake n'chakuti wolemba amamva mawu ake m'mutu mwake pamene akulemba, n'kuiwala kuti mawuwo satsagana ndi zilembo. N'zotheka ndithu kuti apongozi anu ananena "chabwino" wokoma mumtima mwawo, n'kukhulupirira kuti ndi yemweyo amene wakufikani.

Tsopano tiganizire za dzanja limene linalemba. Anthu amene anaphunzira kulemba foni zisanabwere anakula ndi kalata, ndipo anadzudzulidwa kusukulu chifukwa chosiya chiganizo chopanda mpumiro. Kwa iwo kuika mpumiro ndi ukhondo wa kalembedwe ndiponso ulemu kwa wowerenga, ndipo uthenga wopanda zizindikiro amauona ngati wa munthu wosasamala. Amene anagwirapo ntchito ya uphunzitsi, ya unamwino kapena ya mu ofesi ndiwo amagwiritsitsa kwambiri chizolowezichi. Kusiyana kwa mibadwo kumeneku si kwathu kokha, pakuti ku Japan nkhaniyi inamveka kwambiri m'manyuzipepala mu 2024, achinyamata ena akudandaula kuti kachizindikiro kozungulira kamene kamatseka chiganizo m'chilankhulo chawo kamawaopseza akakalandira kuchokera kwa akuluakulu a kuntchito, pamene akuluakuluwo ankangolemba monga anaphunzirira.

Ndimakonda kuyang'anitsitsa achikulire akamalemba pa foni, ndipo zimene ndimaona zimafotokoza zambiri. Mayi wina wachikulire wa kumpingo kwathu amagwira foni ndi dzanja lamanzere patali ndi maso, magalasi ali pamphuno, n'kumalemba ndi chala chimodzi cha mkombaphala. Akalemba liwu la Chinyanja, foni imalisintha kukhala liwu la Chingelezi losagwirizana, iwo n'kufufuta, n'kuyambanso. Akakwanitsa liwu limodzi lolondola amapuma, ndipo moni yense amene anali naye mumtima amamusunga kuti adzamupereke pakamwa. Ufupi wa uthenga wawo umachokera ku kuvuta kwa kulemba. Ndiponso mafoni ambiri amaika okha mpumiro munthu akadina kawiri motsatizana kabatani kosiyira mpata. Pa kiyibodi ya Gboard zimenezi zimatchedwa "Double-space full stop" kapena "Double-space period", ndipo kawirikawiri zimakhala zoyatsa kale foni ikamagulidwa. Chala chonjenjemera chikadina kawiri mosadziwa, kadontho kamabwera kokha, mwini wake osakaona n'komwe.

Ndiye mungadziwe bwanji ngati "Chabwino." wanuyu ndi wa chizolowezi kapena wa mkwiyo? Umboni uli m'foni mwanu momwemo. Tsegulani macheza anu ndi apongoziwo, mubwerere m'mbuyo muwerenge mauthenga awo okwana makumi awiri kapena atatu, makamaka a masiku amene munkadziwa kuti zonse zili bwino pakati panu. Funso loyamba ndi lakuti kodi amaika mpumiro nthawi zonse? Mukapeza "Zikomo.", "Tafika bwino." ndi "Ndalandira." pa masiku achisangalalo, monga tsiku limene munawatumizira chithunzi kapena ndalama, ndiye kuti kadonthoko ndi kalembedwe kawo chabe ndipo sikakunena kanthu za Lamulungu lija. Funso lachiwiri, lomwe ndi lolemera kuposa loyamba, ndi lakuti kodi chasintha n'chiyani? Ngati amakonda kulemba "mwana wanga" kapena kukutchulani dzina, amafunsa za amuna anu, amatumiza mawu ojambula aatali, ndiye tsiku limeneli zonsezo zasowa n'kutsala liwu limodzi ndi mpumiro umene sauika masiku ena, pamenepo pali chifukwa chomveka choganizira kuti anakhumudwa. Lamulo limene ndimaphunzitsa ndi lakuti munthu timamuyerekeza ndi iye mwini, osati ndi mmene ife kapena anzathu timalembera.

Nthawi imene anayankhira musaidalire kwambiri. Timizere tiwiri tabuluu timangosonyeza kuti uthenga watsegulidwa, ndipo sitinena ngati munthuyo anali pa minibasi, pamaliro, pamoto akuphika kapena foni ikutha moto magetsi atazima. Chimene chili ndi phindu ndi zimene zinatsatira. Ngati Loweruka kapena Lamulungu anakutumizirani vesi la m'mawa monga amachitira, kapena anayankha nkhani ina mwachizolowezi, ndiye kuti chitseko chili chotsegula. Amuna anu nawonso angakuthandizeni kuposa kungonena kuti mukudzivutitsa. Apempheni akuonetseni mmene mayi awo amawalembera iwo. Akakhala kuti mwana wawo wobereka amalandiranso "Chabwino." yemweyo, funso lanu layankhidwa.

Tiyerekeze kuti mwafufuza ndipo zikuoneka kuti anakhumudwadi. Ngakhale zitatero, kukhumudwa si chidani. Mayi amene anakonzekera kulandira ana ake Lamulungu, mwina atagula kale nkhuku, ali ndi ufulu womva chisoni, ndipo liwu limodzi lingakhale njira yawo yodziletsa kuti asanene zambiri. Mankhwala ake ndi amodzi, kaya anakhumudwa kaya ayi: chokani pa zilembo mupite pa mawu. Aimbireni foni nthawi imene mukudziwa kuti apuma, muwapatse moni wonse monga mwa mwambo, mufunse za thanzi lawo ndi za apakhomo, kenako munene mawu onga akuti, "Amayi, zinatiwawa kuti sitinabwere Lamulungu, tikupempha kuti tibwere Lamulungu likubwerali ngati mudzakhalepo." Musatchule za kadontho. Mvetserani mawu awo, chifukwa m'mphindi yoyamba yokha mudzamva zimene mauthenga zana sangakuuzeni. Kutchula tsiku lenileni n'kofunika, pakuti kupepesa kopanda tsiku kumamveka ngati ulendowo wafa. Ngati n'kotheka amuna anu alankhule nawo pa foni yomweyo, popeza ntchito imene inalepheretsa ulendowo ndi yawo, ndipo si bwino kuti nkhani zokhumudwitsa zizifika kwa apongozi kudzera mwa inu nokha nthawi zonse.

Pali zinthu zingapo zimene ndaona zikukulitsa nkhani yaing'ono ngati imeneyi, ndipo ndikukupemphani muzipewe. Choyamba ndi kulemba kuti "Kodi mwakwiya?" Kwa mnzanu wa msinkhu wanu funsoli ndi labwino, koma kwa apongozi limamveka ngati mukuwaimba mlandu, ndipo ngati sanakwiye mwawapatsa chifukwa chodabwa kuti mumawaganizira zotani. China ndi kutumiza mauthenga ambiri opepesa motsatizana, zomwe zimapangitsa cholakwa chaching'ono kuoneka chachikulu. Koma choopsa kwambiri ndi kubwezera, kuyamba nanunso kuyankha ndi liwu limodzi louma. Ngati iwo amaika mpumiro mwachizolowezi, sadzamva uthenga umene mukutumiza ndi kadontho kanu, koma adzaona msanga kuti moni ndi ulemu zasowa, ndipo pamenepo mkwiyo umene kunalibe udzabadwa. Musajambulenso uthengawo n'kuutumiza kwa abale anu kapena anzanu kuti akuthandizeni kuumasulira. Iwo adzauwerenga ndi maso a msinkhu wawo n'kukutsimikizirani mantha anu, ndipo chithunzi chotere chikangotuluka sichibwerera, tsiku lina chingafike kwa mwini wake.

Pa kalembedwe ka inu eni, sindikukulangizani kuti mutaye mpumiro. Polembera akuluakulu, abwana a kuntchito, aphunzitsi a ana kapena aliyense amene simunazolowerane naye, lembani ziganizo zathunthu ndi zizindikiro zake, chifukwa iwo amaziona ngati ulemu. Chichewa chili ndi chifukwa chakenso chofunira zizindikiro. Funso ndi chiganizo chongonena kawirikawiri zimakhala ndi mawu ofanana ndendende, ndipo pakamwa timazisiyanitsa ndi kamvekedwe kokha. "Mwatumiza ndalama" wopanda chizindikiro angakhale funso, angakhale kuvomereza kuti zafika, ndipo pa nkhani za ndalama, za mankhwala kapena za nthawi yokumana kusamveka kotere kumabweretsa mavuto enieni. Pamenepo ikani mfunsiro kapena mpumiro mosakayika. Chimene muyenera kupewa ndi liwu limodzi loima lokha, ndipo njira yake ndi kuwonjezera mawu awiri kapena atatu osonyeza ubale: "Chabwino amayi, zikomo.", "Ndamva achimwene, tionana mawa." Mukatero mpumiro umabwerera ku ntchito yake yakale ndipo subaya munthu. Polembera ang'ono anu ndi anzanu amene mukudziwa kuti amamva kadonthoko ngati ukali, kukasiya pa mayankho aafupi ndi kuwaganizira, ndipo palibe lamulo la chilankhulo limene mwaswa.

Mwina pakapita nthawi, mukazolowerana, mudzapeza mpata wowathandiza apongozi anu pa foni yawo, monga kuwazimitsira kusintha mawu kumene kumawavutitsa polemba Chinyanja, kapena kuwaonetsa mmene angajambulire mawu m'malo molemba. Achikulire ambiri akaphunzira kutumiza mawu ojambula sabwereranso ku zilembo, ndipo vuto la kamvekedwe limatha lokha chifukwa mumamva mawu awo enieni.

Pali nthawi zina pamene nkhaniyi imaposa za kalembedwe, ndipo pamafunika anthu ena. Ngati mwaimba foni kapena mwapita kukawaona, ndipo kuzizira kumene munakuona pa uthenga mwakupezanso m'mawu ndi pankhope, n'kupitirira kwa milungu ingapo, ndiye kuti pali nkhani ina imene sinanenedwe. Muyambe ndi amuna anu, ndipo zikakanika mupemphe ankhoswe, alangizi kapena mayi wamkulu wa kumpingo amene mbali zonse zimamulemekeza kuti akuthandizeni kuifukula. Pokafotokoza musatenge uthenga umodzi wokha ngati umboni, koma munene zimene mwaona zikusintha pa nthawi yonseyo, pa foni ndi pamaso pomwe, chifukwa akuluakulu sangaweruze nkhani ya banja pa kadontho. Ndipo ngati mwaona kuti si apongozi okha, koma uthenga waufupi uliwonse, wa abwana, wa mnzanu kapena wa amuna anu, umakusowetsani tulo, mumauwerenga mobwerezabwereza ndipo mtima umathamanga foni ikangolira, imeneyo ingakhale nkhawa yofunika chithandizo payokha. Pitani ku kiliniki ya m'dera lanu mukapemphe kuonana ndi mlangizi wa za maganizo, mumufotokozere kuti zinayamba liti ndiponso mmene zikukhudzira tulo, kudya ndi ntchito zanu za tsiku ndi tsiku.